Kuyesa mofufuza chigawo cholowetsa mafayilo a CSV: matchata ndi zolemba za seshoni

3 Malichi: zomwe tili nazo poyamba

Gulu lathu lawonjezera chigawo chatsopano mu pulogalamu yosunga mayina a mamembala. Kale munthu ankalemba membala mmodzimmodzi pa fomu, koma tsopano akhoza kukweza fayilo ya CSV ndipo mayina onse amalowa nthawi imodzi. Lamulo lake ndi lalifupi. Mzere uliwonse uli ndi danga la `member_id`. Nambalayo ikapezeka kale mu detabesi, pulogalamu imangosintha zambiri za membalayo. Dangalo likakhala lopanda kanthu, imapanga membala watsopano n'kumupatsa nambala yake. Mayeso odziyendera okha onse akudutsa, koma amayesa ndi mafayilo aukhondo omwe analembedwa ndi wolemba pulogalamu yemweyo. Ntchito yomwe tapatsidwa ine ndi mnzanga woyesa ndiyo kufufuza zomwe palibe anaziganizira.

Tasankha kugwira ntchitoyi m'maseshoni, njira yomwe Jonathan Bach ndi James Bach anaifotokoza mu 2000. Seshoni ndi nthawi yopatulidwa yomwe munthu akuyesa popanda womusokoneza. Yaifupi ndi ya mphindi 60, yapakati ndi ya 90, yaitali ndi ya 120. Seshoni iliyonse imakhala ndi tchata, kutanthauza mawu ochepa onena chomwe wapita kukafufuza, ndipo ikatha pamatsala pepala la zolemba lomwe wina angathe kuliwerenga.

Zipangizo ndi zochepa ndipo palibe chogula. Tili ndi seva ya mayeso yokhala ndi detabesi yakeyake, bulawuza, wotchi ya pa foni, fayilo yamalemba wamba yolembamo, ndi foda imodzi ya seshoni iliyonse. Mu detabesi taikamo mamembala ongopeka 200. Mtengo weniweni wa ntchitoyi ndi nthawi ya anthu: seshoni ya mphindi 90 imadya pafupifupi maola awiri tikaphatikiza kukonza zolemba ndi kukambirana pambuyo pake. Mkulu wa gulu ndamuuziratu kuti asayembekezere maseshoni opitirira atatu kwa munthu mmodzi pa tsiku, chifukwa maso ndi mutu zimatopa msanga pa ntchito yotere.

5 Malichi: tchata yoyamba yakula kwambiri

Tchata ya seshoni yoyamba inali yakuti, "Yesani chigawo cholowetsa CSV." Inkamveka bwino m'mawa, koma itakwana nthawi yoimitsa wotchi panalibe njira yodziwira ngati ntchito yatheka kapena ayi. Mphindi zina zinapita pa maonekedwe a batani, zina pa fayilo yaikulu, zina pa uthenga wolakwika kalembedwe. Chilichonse chinakhudzidwa pang'ono, ndipo palibe chomwe tinganene motsimikiza kuti tachifufuza mpaka pansi.

Chizindikiro cha tchata yotakasuka mopyola ndachiona bwino lero. Mkulu wa gulu anafunsa kuti, "Ndiye mwapeza kuti chili bwanji?" Yankho lokhalo lomwe linalipo ndi lakuti "chikuoneka kuti chikugwira." Tchata yopanda funso imabala yankho lopanda kanthu, ndipo munthu sangapange chiganizo chilichonse ndi mawu ngati amenewo. Seshoniyi sinapite pachabe kwenikweni, chifukwa inationetsa malo onse a chigawochi: tsamba lokwezera, tsamba loonetsa zomwe zilowe, lipoti la kumapeto, ndi logi ya seva. Tikanailemba ngati ulendo wongodziwa malo, yokhala ndi cholinga chotulutsa mndandanda wa matchata ena, ikanakhala tchata yabwino.

6 Malichi: kulembanso matchata

Mnzanga anabwera ndi tchata ina yolembedwa mosamala kwambiri: kwezani fayilo ya mizere 10, dinani batani lolowetsa, onetsetsani kuti lipoti likunena mizere 10. Imeneyi ili ndi vuto la mbali inayo. Ndi mayeso olembedweratu, atha m'mphindi zitatu, ndipo samusiyira woyesa mpata woti atsatire chodabwitsa chomwe wachiona m'njira. Zoterezi ndi za makina, ndipo tazipereka kwa wolemba mayeso odziyendera okha.

Tagwiritsa ntchito kaumbidwe ka magawo atatu komwe Elisabeth Hendrickson anakaphunzitsa: fufuza malo akutiakuti, pogwiritsa ntchito zakutizakuti, kuti udziwe chakutichakuti. Gawo lachitatu ndilo lovuta ndipo ndilo tayamba nalo. Tinadzifunsa kuti chingamupweteke kwambiri n'chiyani munthu wogwiritsa ntchito chigawochi. Uthenga wosakongola sungamupweteke. Chomupweteka ndi kudzuka n'kupeza kuti mamembala ake alembedwa kawirikawiri, kapena kuti zambiri za munthu wina zafufutidwa ndi za mnzake, popanda chenjezo lililonse. Kuchokera pamenepo matchata anatuluka okha, ndipo yomwe tiyambe nayo ndi iyi:

```
TCHATA 02
Fufuza: kulowetsa CSV ya mamembala omwe alipo kale
Ndi: mafayilo osungidwa ndi mapulogalamu osiyanasiyana
Kuti udziwe: ngati pali njira yomwe membala
             angalembedwe kawiri popanda chenjezo
Nthawi: mphindi 90
```

Ndaiyesa tchatayi ndi mafunso awiri ndisanaivomereze. Loyamba, kodi anthu awiri atapatsidwa mawu omwewa angachite zinthu zosiyana koma zonse zothandiza? Inde, wina angayambe ndi mayina okhala ndi zilembo zachilendo, wina ndi mafayilo ogawa madanga ndi `;` m'malo mwa `,`. Lachiwiri, kodi wotchi ikalira tingathe kuyankha funso la mu tchata ndi mawu omveka? Inde: tapeza njira, kapena tayesa izi ndi izi sitinaipeze. Tchata ikalephera funso loyamba ndiye kuti yapanikiza kwambiri, ikalephera lachiwiri ndiye kuti yatayirira.

Gawo lapakati, la zogwiritsa ntchito, anthu ambiri amalidumpha, koma ndi lomwe limakuuza zoti ukonze seshoni isanayambe. Chifukwa cha mzere umenewo tadziwiratu kuti tifunika pulogalamu ya matebulo pa kompyuta yoyesera, osati fayilo yolembedwa pamanja yokha.

10 Malichi: vuto lalikulu lapezeka

Seshoni ya tchata 02 inachitika lero, ndipo patangodutsa theka la ola mamembala anachoka pa 200 kufika pa 400. Aliyense analembedwa kawiri, ndipo lipoti la kumapeto linangonena kuti mizere 200 yalowa bwinobwino. Ndilo vuto lenilenilo lomwe tchata inatituma kukafuna. Zolemba za nthawi imeneyo zinali chonchi:

```
- CSV yakwezedwa, zili bwino
- zasinthidwa pang'ono, yakwezedwanso
- mamembala 400!! ziro zakutsogolo zikusokoneza
- chithunzi chajambulidwa
```

Lipoti la vuto linatumizidwa madzulo omwewo ndi mutu wakuti maziro akutsogolo kwa nambala ya membala akuchititsa kuti anthu alembedwe kawiri. Ganizoli silinachokere m'mwamba. Nambala zathu zimalembedwa ngati `00412`, ndipo pulogalamu ya matebulo ikatsegula fayilo ya CSV imaona dangalo ngati nambala wamba n'kuisandutsa `412`. Aliyense amene wagwirapo ntchito ndi mafayilo otere amalidziwa khalidwe limeneli, motero linali loyamba kubwera m'mutu.

11 Malichi: vuto likukana kubwerezeka

Wolemba pulogalamu anabwera cha m'mamawa. "Ndachotsa maziro onse mu fayilo yanga, ndakweza, mamembala akadali 200. Munakweza fayilo iti kwenikweni?" Apa ndi pomwe zolemba za dzulo zinaonekera kuperewera kwake. Mawu akuti "zasinthidwa pang'ono" sakunena chomwe chinasinthidwa, ndi pulogalamu iti, ndiponso fayiloyo inasungidwa mwa mtundu uti. Fayilo yomwe inabweretsa vuto inali itafufutika chifukwa seshoni itapitirira inasungidwanso pa dzina lomwelo. Detabesi ya mayeso inali itabwezeretsedwa usiku monga mwa nthawi zonse. Chithunzi cha sikirini chinalipo, chikuonetsa nambala 400, koma chithunzi chimaonetsa pomwe zinthu zinathera, sichionetsa njira yomwe zinadzera.

Wolemba pulogalamu uja anatha pafupifupi maola awiri akuwerenga kodi yoyerekeza nambala za mamembala, ndipo anapeza kuti ilibe cholakwika. Kodiyo imasandutsa `00412` ndi `412` kukhala nambala imodzi isanayerekeze. Maola amenewo ndiwo mtengo wa mzere umodzi wa zolemba, womwe unasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. "Mamembala 400" ndi chinthu chomwe maso anaona. "Ziro zakutsogolo zikusokoneza" ndi ganizo la woyesa. Zitalembedwa pa mzere umodzi popanda chozisiyanitsa, wowerenga anazitenga zonse ngati zotsimikizika ndipo anapita kukakumba malo olakwika.

Vutoli latsala lotsegula. Ena m'gulu ankafuna litsekedwe ngati losabwerezeka, koma ndakana, chifukwa chinthu chomwe chachulukitsa mamembala kamodzi pa seva ya mayeso chidzachitanso pa deta ya anthu enieni.

12 Malichi: kulekanitsa zinthu chimodzichimodzi

Talemba tchata yaifupi ya mphindi 60: fufuza mafayilo omwe atsegulidwa n'kusungidwanso ndi pulogalamu ya matebulo, posintha chinthu chimodzi nthawi iliyonse, kuti udziwe kusintha komwe kumachulukitsa mamembala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo seshoniyi inayenda pang'onopang'ono mwadala. Fayilo iliyonse inapatsidwa dzina lake ndi nambala, yoyambirira sinakhudzidwe, ndipo detabesi inabwezeretsedwa pa mamembala 200 tisanakweze fayilo yotsatira.

Fayilo yoyamba, `01_chiyambi.csv`, ndi yomwe pulogalamu yathu imatulutsa yokha. Mamembala anatsala 200. Yachiwiri inali yochotsa maziro pamanja mu pulogalamu yolembera malemba wamba, ndipo anatsalabe 200, monga wolemba pulogalamu ananenera. Yachitatu inatsegulidwa mu pulogalamu ya matebulo n'kusungidwa ngati CSV wamba. Maziro anachoka, koma mamembala 200. Pofuna kusunga yachinayi, pa mndandanda wa mitundu ya mafayilo panaoneka mtundu wina wolembedwa `CSV UTF-8`, ndipo mnzanga anakumbukira kuti Lolemba lija ndi umene unasankhidwa, pofuna kuti mayina okhala ndi zilembo zachilendo asaonongeke. Titakweza imeneyo, mamembala anafika 400.

Tikatsegula fayilo yachitatu ndi yachinayi pambali ndi pambali, maso saona kusiyana kulikonse. Kusiyanako kuli pa mabaiti atatu oyambirira:

```
$ head -c 3 03_csv_wamba.csv | xxd -p
6d656d
$ head -c 3 04_csv_utf8.csv | xxd -p
efbbbf
```

Mabaiti a `6d656d` ndi zilembo zitatu zoyamba za `member_id`. A `efbbbf` ndi chizindikiro chotchedwa BOM, chomwe mapulogalamu ena amachiika kumayambiriro kwa fayilo ya UTF-8, ndipo sichioneka pa sikirini. Fayiloyo ilibe cholakwika, chifukwa chizindikirochi n'chololedwa. Cholakwika chili kwa ife. Kodi yathu, yolembedwa mu Python, inkatsegula fayilo ndi `encoding="utf-8"`, zomwe zimasiya chizindikirocho chitamatirira ku mutu wa danga loyamba. Motero mutuwo unkawerengedwa ngati `\ufeffmember_id`, ndipo pulogalamu ikafunafuna `member_id` sinkaupeza. Poti danga la nambala n'lololedwa kukhala lopanda kanthu, mzere uliwonse unkatengedwa ngati membala watsopano, ndipo panalibe chodandaula chilichonse mu logi.

Tinapanga fayilo yachisanu kuti titsimikize: yoyambirira ija, maziro ake ali momwemo, n'kungoiwonjezera mabaiti atatuwo kutsogolo. Mamembala 400. Apo nkhani ya maziro inatheratu. Lipoti la vuto lalembedwanso ndi mutu watsopano, mafayilo 01 ndi 05 aphatikizidwa, ndipo wolemba pulogalamu analibwereza pa kompyuta yake nthawi yomweyo.

14 Malichi: kaumbidwe katsopano ka zolemba

Lero sitinayese chilichonse. Tinakhala pansi kukonza momwe tizilembera, potengera zomwe zinasowa pa 11 Malichi. Muyeso womwe tagwirizana ndi wakuti munthu amene sanalipo pa seshoni athe kufika pomwe woyesa anafika pongowerenga pepala ndi kutsegula foda, osafunsa funso.

Pamwamba pa pepala pamalembedwa zinthu zomwe sizisintha mkati mwa seshoni: tchata, dzina la woyesa, nthawi yoyambira, veshoni ya pulogalamu, bulawuza, akaunti yomwe yalowa, ndi momwe detabesi ilili poyamba. Chomalizachi n'chomwe chimaiwalika kwambiri. Nambala 400 ilibe tanthauzo kwa munthu amene sakudziwa kuti tinayamba ndi 200.

Pansi pake mzere uliwonse umayamba ndi nthawi komanso chizindikiro chimodzi. `CHITA` ndi chomwe manja achita, `ONA` ndi chomwe chaoneka, `GANIZO` ndi chomwe woyesa akukhulupirira koma sanatsimikize, `FUNSO` ndi chofunika kufunsa munthu wina, `VUTO` ndi choyenera lipoti, ndipo `PAMBUYO` ndi chinthu chokopa chomwe sichili mu tchata. Seshoni ya pa 10 Malichi ikanalembedwa motere ikanaoneka chonchi:

```
10:32 CHITA  01_chiyambi.csv yatsegulidwa m'matebulo,
             yasungidwa ngati CSV UTF-8 -> 04_csv_utf8.csv
10:34 CHITA  04 yakwezedwa, poyamba mamembala 200
10:35 ONA    lipoti: mizere 200 yalowa; mamembala 400
10:35 ONA    mu 04 nambala 00412 yasanduka 412
10:36 GANIZO mwina maziro; sizinayesedwe paokha
```

Mizere isanu imeneyi ikanapulumutsa maola awiri aja, ngakhale ganizo lake ndi lolakwika lomwe lija. Sindikufuna kuti anthu asiye kulemba maganizo awo. Ganizo lolembedwa limathandiza, chifukwa limaonetsa chomwe chinamutsogolera woyesa ku sitepe yotsatira. Chofunika n'chakuti likhale pa mzere wake, livale chizindikiro chake, kuti wowerenga adziwe kulemera kwake.

Nthawi yolembedwa pa mzere uliwonse poyamba inkaoneka ngati ntchito yowonjezera, koma ili ndi phindu looneka: logi ya seva nayonso ili ndi nthawi, ndiye munthu akaona `10:34` amadziwa pomwe angatsegule logi. Tinangoonetsetsa kuti tikudziwa kusiyana kwa wotchi ya kompyuta yoyesera ndi ya seva, poti seva yathu imalemba mu UTC, ndipo kusiyanako talemba pamwamba pa pepala.

Za mafayilo lamulo ndi limodzi: fayilo yomwe yakwezedwa sisinthidwanso. Ukafuna kusintha, koperani, ipatseni nambala yotsatira. Zithunzi za sikirini nazonso zimatenga nthawi ya mzere womwe zikuchitira umboni, monga `1035_lipoti.png`. Uthenga wa cholakwika timaukopera monga malemba m'malo mongoujambula, kuti wolemba pulogalamu athe kuufunafuna mu kodi.

17 Malichi: kulemba kwachuluka mpaka kuyesa kwaima

Seshoni yoyamba ndi kaumbidwe katsopano inabweretsa vuto lina. Mnzanga analemba kudina kulikonse, kutsegula tsamba kulikonse, mpaka pepala linafika masamba anayi ndipo mafayilo omwe anayesedwa anali atatu okha. Anandiuza kuti, "Ndimati ndikangoyamba kuganiza bwino, ndiyenera kusiya kuti ndilembe, ndikabwerera ganizo lathawa." Akunena zoona, ndipo ndi dandaulo loyenera kulimvera, chifukwa kuyesa mofufuza kumadalira kuti chomwe waona tsopano chikutsogolere ku chomwe uyese kenako.

Tachepetsa motere. Mzere wa `CHITA` umalembedwa pokhapokha chinthu chikasintha momwe zinthu zilili: kukweza fayilo, kusintha deta, kulowa ndi akaunti ina, kubwezeretsa detabesi. Kungoyendayenda pa masamba sikulembedwa. Mizere imakhala yodukaduka, yopanda kukongoletsa, ndipo mphindi khumi zomaliza za seshoni n'zowerenga pepala lonse ndi kudzaza mipata zinthu zikadali m'mutu. Pa malo pomwe zinthu zikuchitika mofulumira timayatsa chojambula vidiyo ya sikirini, koma vidiyo siilowa m'malo mwa zolemba. Palibe amene adzaonere mphindi 90 kuti apeze masekondi khumi, pokhapokha pepala litamuuza mphindi yoti ayang'ane.

Chimodzi chomwe sitinachepetse ndi kulemba zomwe zayenda bwino. Mzere wakuti `ONA fayilo ya ; yakanidwa ndi uthenga womveka, mamembala 200` suoneka wosangalatsa, koma ndi womwe umatipatsa mphamvu yonena kuti mbali imeneyo yafufuzidwa. Pepala lokhala ndi mavuto okhaokha silinena kuti woyesa anafika pati.

19 Malichi: kupatuka pa tchata, ndi komwe nthawi ikupita

Mkati mwa tchata yofufuza mayina okhala ndi zilembo zachilendo, ndinaona kuti batani lolowetsa limadinika kawiri ngati intaneti ikuchedwa. Zimenezi sizinali mu tchata, koma zikukhudza mantha athu aakulu aja a kulembedwa kawiri. Ndinazipatsa mphindi zisanu kuti ndione ngati ndi zenizeni. Mapempho awiri anaonekadi akupita ku seva. Ndinalemba mzere wa `PAMBUYO` ndi momwe ndinachedwetsera intaneti mu zida za bulawuza, kenako ndinabwerera ku mayina. Njira ya maseshoni imalola kupatuka kotere, ndipo pepala lake lili ndi malo onenera gawo la nthawi lomwe linapita pa tchata ndi lomwe linapita pa mwayi wongopezeka. Kwa ife malire ndi awa: chinthu chikafuna nthawi yoposa mphindi khumi, chikuyenera tchata yakeyake. Batanilo lakhala tchata 07.

Tayambanso kugawa nthawi ya seshoni patatu monga njirayi imanenera: yokonzekera, yoyesa, ndi yofufuza vuto n'kulilemba. Timangoyerekeza, sitiwerenga ndi wotchi. Pa seshoni ya lero, mwa mphindi 90, pafupifupi 35 zinapita pa kukonzekera, 30 pa kuyesa, 25 pa vuto. Titayang'ana mapepala akale tinapeza kuti kukonzekera kwakhala kukudya gawo lalikulu nthawi zonse, makamaka kubwezeretsa mamembala 200 aja, komwe kunkafuna kufufuta pamanja kapena kudikira wosamalira seva. Titamuonetsa mapepalawo anatikonzera kope la detabesi lomwe timalibwezeretsa tokha:

```
pg_restore --clean -d mayeso mbewu200.dump
```

Tsopano zimatha m'masekondi ochepa. Manambala ogawa nthawiwa ndapempha kuti asagwiritsidwe ntchito poyerekeza woyesa wina ndi mnzake. Seshoni yomwe yapeza vuto lalikulu imakhala ndi nthawi yochepa yoyesa chifukwa woyesa anaima kuti alifufuze, ndipo munthu akadziwa kuti akuweruzidwa ndi nambala imeneyo adzayamba kudumpha mavuto.

21 Malichi: kukambirana pambuyo pa seshoni

Poyamba mapepala ankangoikidwa mu foda popanda wowawerenga, ndipo mizere ya `FUNSO` inkakhala masiku osayankhidwa. Tsopano seshoni iliyonse ikatha timakhala mphindi 10 mpaka 15 ndi munthu mmodzi amene sanayese nawo, tsiku lomwelo. Timatsata mitu isanu yomwe Jonathan Bach anaikonza: zomwe zachitika, zomwe zapezeka, zomwe zinatsekereza, zomwe zatsala, ndi momwe woyesa akumvera mumtima za chigawocho.

Mutu womalizawo ena ankauona ngati wosafunika, koma lero ndi umene watulutsa nkhani. Mnzanga anati pepala lake lilibe vuto lililonse, komabe mtima wake sukukhazikika ndi tsamba loonetsa zomwe zilowe. Titamufunsitsa anafotokoza kuti tsambalo limaonetsa mayina koma silinena kuti ndi angati atsopano ndi angati ongosinthidwa. Likanakhala kuti limanena "atsopano 200, osinthidwa 0," munthu aliyense akanaima asanadine batani pa 10 Malichi. Talemba ngati pempho, ndipo mwini chigawochi walivomera.

Wowerenga pepala ali ndi ntchito imodzi yomwe sitiidumpha: amasankha mzere umodzi wa `ONA` n'kuyesa kufikapo yekha. Akakanika, pepala limabwerera kwa mwini wake nthawi yomweyo zinthu zisanaiwalike.

25 Malichi: kukonza kwafika, ndi matchata otsala

Veshoni yatsopano yafika pa seva ya mayeso. Kodi tsopano ikutsegula fayilo ndi `encoding="utf-8-sig"`, yomwe imachotsa chizindikiro chija chikakhalapo ndipo imawerenga bwinobwino chikapanda kukhalapo. Mafayilo 01 mpaka 05 a mu foda ya pa 12 Malichi akwezedwa onse, ndipo mamembala atsala 200 pa iliyonse. Fayilo 05 yaperekedwa kuti ilowe mu mayeso odziyendera okha.

Komabe BOM inali njira imodzi yokha yofikira ku chilema chachikulu, chomwe ndi chakuti mutu wa `member_id` ukasowa pulogalamu imangopitirira mwakachetechete. Ndinayesa mutu wolembedwa `Member_ID`, kenako wokhala ndi mpata kumapeto. Woyamba unalandiridwa bwino. Wachiwiri unafikitsa mamembala pa 400. Lipoti latsopano lapita ndi fayilo `08_mutu_ndi_mpata.csv`, ndipo pempho lake ndi lakuti fayilo yopanda mutu umenewu izikanidwa, kapena munthu azifunsidwa asanapitirire.

Matchata atatu atsala pa mndandanda: 07 wa batani lodinika kawiri, 09 wa mafayilo osungidwa mu UTF-16, ndi 10 wa anthu awiri okweza mafayilo nthawi imodzi okhala ndi mamembala ofanana. Wa 10 ukufuna oyesa awiri ndi makompyuta awiri pa pepala limodzi, ndiye tawonjezera chilembo cha woyesa patsogolo pa nthawi kuti mizere isasokonekere. Tiyamba ndi 07 mawa m'mawa, chifukwa njira yochedwetsera intaneti ili kale mu zolemba za pa 19 Malichi.